Timizere tiwiri ta m'buku la ngongole: musasanje musanadzaze

"Alangizi, bambo anga andisiyira bizinesi pamodzi ndi mabuku a ngongole olembedwa pamanja. Ndayamba kuwataipa mu Excel, koma m'malo ambiri bambo sankalemba tsiku kapena dzina. Ankangoika timizere tiwiri ("), pena kuchonga, pena kusiya popanda kanthu. Kodi ndizikopera mmene zilili, kapena ndizidzaza ndekha?"

Dzazani, koma dzazani m'kolamu ina, ndipo zomwe bambo analemba zikhale pambali mmene zilili.

Timizere tiwirito timatchedwa dito, ndipo timatanthauza kuti "chimodzimodzi ndi chomwe chili pamwambapa, m'kolamu yomwe ino". Alembi ena akale m'malo mwake ankalemba zilembo ziwiri, do., ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo. Papepala dito savuta chifukwa mzere sungachoke pamalo pake. Pakompyuta ndi nkhani ina. Tsiku lomwe mudzasanje mizere potsatira dzina kapena kukula kwa ngongole, dito aliyense adzapezeka pansi pa mzere wachilendo, ndipo ngongole ya munthu wina idzagwera mnzake. Choopsa n'chakuti totala ya buku lonse sidzasintha, choncho simudzazindikira mpaka tsiku lomwe kasitomala adzakukanireni ngongole pamaso.

Musanataipe china chilichonse, khalani pansi ndi masamba asanu kapena khumi muphunzire dzanja la bambo. Dito, kuchonga, kamzere kopingasa ndi malo opanda kanthu ndi zinthu zinayi zosiyana, ngakhale ambiri amazitenga ngati chimodzi. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuchongako. Alipo olemba amene amachonga m'malo mwa dito. Koma m'mabuku a ndalama kuchonga kawirikawiri kumatanthauza kuti nambalayo yaonedwa, yasamutsidwira m'buku lina, kapena ngongole yabwezedwa. Njira yosiyanitsira ndi kuona pomwe pachongedwapo. Ngati chizindikirocho chakhala chokha m'kabokosi momwe mumayenera kukhala tsiku kapena dzina, mwina chikugwira ntchito ya dito. Ngati chili pambali pa nambala yolembedwa kale, kapena chili mu inki yosiyana ndi ya mzerewo, chinaikidwa tsiku lina ndipo chikunena zina. Chimenecho chipatseni kolamu yakeyake. Mukachisandutsa dito, mwina mwafufuta umboni woti munthu analipira.

Kolamu ya ndalama ndiyo imafuna mtima woleza. Tiyerekeze tsamba la mizere isanu. Mzere woyamba, kasitomala A anatenga misomali ya 450. Wachiwiri, dito pa tsiku ndi pa dzina, penti ya 1,200. Wachitatu, kasitomala B, simenti ya 800. Wachinayi, kasitomala C, dito pa katundu, ndipo pa ndalama pali timizere tiwiri. Wachisanu, kasitomala D, zomangira za 300. Kodi C ali ndi ngongole ya zingati? Timizereto tingawerengedwe m'njira zitatu. Ngati ndi dito, ndi 800. Ngati bambo ankaika timizere posonyeza kuti palibe ndalama, monga ankachitira alembi ena, ndi ziro. Ndipo ngati timizereto taimirira pang'ono, wotaipa wotopa akhoza kulemba 11.

Osapenekera. Pitani pansi pa tsamba pomwe bambo anawonkhetsa. Mizere inayi yodziwika ikupereka 2,750. Ngati totala yawo ndi 3,550, ndiye kuti anawerengera 800 ndipo timizereto ndi dito. Ngati ndi 2,750, panalibe ndalama. Ngati ndi 2,761, inalidi 11. Mukayesa motero pamasamba angapo, mudzadziwa chizolowezi chawo, ndipo chilembeni patsamba loyamba la fayilo yanu kuti wodzakuthandizani mawa asayambirenso. Totala ikakhala kuti sikugwirizana ndi iliyonse mwa zitatuzi, mzerewo uikeni chizindikiro chokayikira mupitirire. Bambo nawonso anali munthu, akhoza kuti anaphonya powonkhetsa.

Tsopano kataipidwe. Kolamu A ikhale ya nambala ya tsamba ndi mzere, monga T014-03, yoyamba ndi chilembo kuopa kuti Excel ingaisandutse tsiku, kuti nthawi iliyonse muthe kubwezera mizere m'dongosolo la bukulo. M'kolamu B taipani dzina monga lalembedwera, ndipo pomwe pali dito ikani chizindikiro chimodzi chomwe simuchigwiritsa ntchito kwina, mwachitsanzo ^. Pomwe bambo anasiya popanda kanthu, nanunso siyani. Mzere 1 ukhale wa mitu, mzere 2 mukopere dzina nokha m'kolamu C, kenaka mu C3 lembani fomula iyi ndi kuikokera mpaka pansi:

```
=IF(B3="^",C2,IF(B3="","",B3))
```

Onani kuti fomulayi ikutenga kuchokera ku C2, osati B2. Ndi dala. Dito akatsatizana kasanu, aliyense amatenga dzina lomwe ladzazidwa kale pamwamba pake, osati dito mnzake. Chitani chimodzimodzi pa tsiku, katundu ndi ndalama. Mukamaliza, koperani makolamu odzazidwawo ndi kuwamata pomwepo kudzera pa Paste Special, kusankha Values. Musanachite zimenezi musayerekeze kusanja, chifukwa fomula imayang'anabe kabokosi kapamwamba, ndipo mizere ikasuntha mayina onse asokonekera.

Mwina wina wakuuzani kale njira yachidule: kusiya malo a dito opanda kanthu, kenaka Go To Special, Blanks, kulemba fomula yoloza pamwamba ndi kudina Ctrl+Enter. Imagwira ntchito, koma ine sindiikonda pa buku la ngongole. Imadzaza malo onse opanda kanthu, kuphatikizapo pomwe bambo anangoiwala kulemba dzina, ndipo munthu wa mzere wapamwamba amasenza ngongole yomwe sanatenge.

Pali malo atatu pomwe fomula singakuthandizeni, mufunika maso anu. Oyamba ndi pamwamba pa tsamba latsopano. Dito wa pamenepo amaloza mzere womaliza wa tsamba lapitalo, osati mzere wa totala yobwera nayo, ndipo ngati tsamba lina linathothoka pakati, chomwe akuloza chinapita nalo. Achiwiri ndi mzere wofufutidwa kapena wolowetsedwa pambuyo pake. Bambo akakhala kuti anafinyikiza mzere wa kasitomala wina pakati pa mizere iwiri, dito wa pansi pake akulozabe dzina lomwe linalipo tsiku lomwe ankalemba. Kawirikawiri mudzauzindikira ndi zilembo zing'onozing'ono zopanikizana kapena inki ina. Pamenepo lembani dzina loyenera ndi dzanja, musaike ^.

Achitatu ndi dito wa theka. Pamwamba palembedwa "penti yoyera malita 5", pansi pali timizere pansi pa "penti", kenaka mawu akuti "yofiira", kenaka timizere pansi pa "malita 5". Apa timizere tikubwereza mawu omwe ali pamwamba pake penipeni, osati kabokosi konse, ndipo muyenera kutaipa "penti yofiira malita 5". Masiku amachitanso chimodzimodzi: tsiku lalembedwa 7, mwezi ndi chaka ndi dito. Samalani pomwe Disembala akuthera, chifukwa olemba ambiri amapitiriza dito wa chaka mpaka mu Januwale osazindikira.

Mukamaliza tsamba lililonse, yerekezani totala yanu ndi ya bambo musanatsegule lotsatira. Totala imagwira zolakwika za ndalama zokha, choncho pa mayina sankhani makasitomala atatu kapena anayi omwe muli ndi malisiti awo kapena tsamba lawolawo, muone ngati ngongole zawo zikufanana ndi zomwe zatuluka pakompyuta. Mizere yomwe yakana kumveka musakaitanitsire ndalama musanakhale pansi ndi mwini dzinalo, buku lenilenilo lili m'manja.