Zii, phee ndi chete si mawu amodzi

"Mwana wanga amaphunzira Chinyanja kusukulu kuno ku Matero. Dikishonale yake ikumasulira zii, phee ndi chete ngati chinthu chimodzi. Koma agogo ake akalawa ndiwo amati zili zii. Ndiwo zimakhalanso chete?"

Mayi, agogowo sakulakwa. Mawu amenewa timawatcha mivekero. Mvekero umam'onetsa womvera chinthucho, ngati kuti analipo pomwe chinkachitika. Nthawi zambiri umatsamira pa mneni -ti kapena -li: mwala unati chubwi m'madzi, woledzera ali dzandidzandi.

Tiyeni tiyese atatuwa pa mwana wanu yemweyo. Mukati "khala chete", mukufuna atseke pakamwa, ngakhale manja akuseweretsa supuni. Mukati "khala phee", mukufuna thupi lonse lidekhe, asagwedezeke. Nanga "khala zii"? Ayi, khutu likukana. Munthu sungamulamule zimenezo, chifukwa zii amanena za chinthu chimene chinayenera kukhalapo koma palibe.

Mukafika kumsika wa Soweto usiku, ogulitsa onse atapita, mumati kuli zii, chifukwa anthu ndi phokoso lawo kulibe. M'bale amene anapita ku Kitwe osaimbanso foni, timati anangoti zii. Ndiwo za agogo zija zasowa mchere, ndipo n'chifukwa chake ena amati ndi zozizira ngakhale zikutuluka nthunzi. Wolemba dikishonale amatola chimodzi mwa zitsanzozi, kawirikawiri cha phokoso, n'kuchipatsa liwu limodzi la Chingerezi. Chomwe chimamanga zonsezi pamodzi, kusowako, chimatsala kunja.

Vuto lina ndi la pepala lenilenilo. Timalemba zii ndi ma i awiri, koma pakamwa timakoka malinga ndi kukula kwa nkhani. "Kunali ziii" wa kumanda ndi wautali kuposa wa m'kalasi. Kubwereza nakonso kumasintha chithunzi: chubwi ndi mwala umodzi wagwera m'dziwe, chubwichubwi ndi munthu akuwoloka madzi ofika m'mawondo. Onjezanipo nkhope ndi manja a wokamba. Zonsezi sizikwana pa mzere umodzi wa dikishonale.

Akatswiri anaziona kale izi. Clement Doke, amene anakhalapo pakati pa Alamba ku Copperbelt kuno ku Zambia, anafotokoza mu 1935 kuti mawu otere ndi gulu lakelake m'ziyankhulo za Chibantu. Komatu kuwazindikira n'kosavuta kuyerekeza ndi kuwamasulira.

Ine ndikaona dikishonale, ndimayang'ana ngati pansi pa mvekero pali ziganizo zachitsanzo ziwiri kapena zitatu zosiyana. Ngati pali liwu limodzi lokha lomasulira, mwanayo alitenge ngati poyambira chabe. Akapeza mvekero watsopano, apite nawo kwa agogo ake awafunse kuti, "Agogo, n'chiyani chimati chonchi?" Kenaka afunsenso chimene sichingatero.