Madzi a pansi akukwera mu Ogasiti: kodi girafu ya chitsime ikunena chiyani?

Mlimi wina wa ku Lunzu watilembera motere: "Tili ndi chitsime choyezera madzi a pansi m'mbali mwa munda umene timathirira ndi madzi a mumtsinje. Mu Malichi madzi anali pa mamita 1.8 kuchokera pamwamba pa nthaka, mu Juni 3.0, koma mu Ogasiti akwera kufika pa 2.4 kulibe mvula. Kodi talakwitsa poyeza?"

Bambo, musafulumire kukayikira tepi yanu. Komabe tsimikizani kuti nthawi zonse mumayambira kuyeza pa chizindikiro chimodzimodzi pakamwa pa paipi, ndipo mumachotsera kutalika kwa paipi imene yatulukira kunja kwa nthaka. Pa girafu, ziro akhale pamwamba, manambala azikula potsika, kuti mzere ukakwera zitanthauze kuti madzi akwera. Ambiri amawerenga chozondoka chifukwa cha chimenechi.

Kuno ku Blantyre, girafu ya malo osathirira imaonetsa phiri limodzi pa chaka. Mvula yoyamba ya mu Novembala siikweza madzi a pansi, chifukwa imathera kunyowetsa dothi louma ndi kumwedwa ndi mizu. Mzere umayamba kukwera cha mu Disembala kapena Januwale, n'kufika pamwamba mu Malichi kapena Epulo. Kenako umatsika mofulumira poyamba, pang'onopang'ono pambuyo pake, mpaka mvula ina. Kukwera kwachiwiri m'chilimwe si kwa mvula. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi kawirikawiri sichilowa mpaka pansi. Amenewo ndi madzi othirira amene apitirira mizu, kapena amene akudontha m'ngalande.

Ndiye akwera bwanji? Mukhoza kunena kuti masentimita 60, koma mwachepetsa. Mukadapanda kuthirira, madzi akadapitiriza kutsika. Tengani pensulo mupitirize mzere wa Malichi mpaka Juni mokhota monga mmene unkayendera. Tiyerekeze kuti wafika pa mamita 3.5 mu Ogasiti. Kusiyana kwa 3.5 ndi 2.4 ndi mamita 1.1, ndipo kumeneko ndiko kukwera kwenikweni.

Izi sizitanthauza kuti mwataya madzi akuya mita yathunthu. Madzi amakhala m'timipata ta dothi basi. Ngati timipata totulutsa madzi ndi magawo 5 pa 100 alionse, mamita 1.1 akuimira mamilimita 55, amene ndi malita 550,000 pa hekitala. Nambala ya 5 pa 100 ndi yongoyerekeza. Mumchenga imakula kwambiri, m'dothi la makande imachepa, kotero m'makande madzi ochepa amakweza mzere kwambiri. Koma mafuta opopera madzi amenewo munagula ndithu.

Chimene ine ndimayang'ana kwambiri si nsonga ya mu Malichi ayi, koma pamene madzi amafika potsikitsitsa chaka chilichonse mvula isanayambe. Lumikizani malo amenewo kwa zaka zingapo. Ngati akukwera chaka ndi chaka, monga 4.2, kenako 3.7, kenako 3.1, nthaka ikulandira madzi ambiri kuposa amene ikutaya. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anabweretsa mvula yoopsa kummwera kuno, ndipo akhoza kukweza mzere popanda kuthirira. N'chifukwa chake pamafunika chitsime chachiwiri, cha kuya kofanana, chakumtunda kwa munda kumene madzi othirira safika. Zitsime zonse zikakwera, ndi mvula. Chikakwera chanu chokha, ndi kuthirira. Onaninso chilimwe cha 2024, chimene chinatsatira mvula yochepa: ngati madzi sanatsike ngakhale apo, yankho mwalipeza.

Pa mamita 2.4 chimanga ndi tomato sizinayambe kuvutika. Madzi akamakhalitsa pa mita imodzi kapena kuchepera, mizu imasowa mpweya, masamba amachita chikasu. M'dothi losalala, madzi amene ali pafupi kuposa mamita awiri amakwera okha n'kuuma ndi dzuwa la mu Okutobala, n'kusiya mchere woyera m'mphepete mwa mizere. Vuto limeneli n'lodziwika m'chigwa cha Shire, ndipo kulikonza n'kodula.

Zina zimene girafu imaonetsa n'zabodza. Mzere ukadumpha tsiku la mvula n'kubwerera mawa lake, madzi alowera m'mbali mwa paipi. Konzani simenti ya pakamwa. Ukangoti njo osasuntha miyezi iwiri, mwina matope atseka timabowo ta paipi, ndipo mukuyeza madzi otsalira. Thiranimo ndowa imodzi ya madzi: akapanda kubwerera pamene anali pakatha tsiku limodzi kapena awiri, chitsime chikufunika kutsukidwa. Ukamakwera ndi kutsika ngati mano a sowo, pali wina akupopa pafupi.

Kuyeza kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu n'kochepa. Yezani mlungu uliwonse m'mawa pampu isanalizidwe, ndipo lembani pa girafu yomweyo masiku othirira ndi mvula imene yagwa. Kenako chepetsani madzi othirira, kapena mutseke ngalande yoyandikana ndi chitsime kwa milungu iwiri. Mzere ukayambanso kutsika, mwadziwa kumene madziwo akuchokera.