Mtengo wa ku Joni ndi wa ku Maputo: muwerenge kaye, kenako mulembe

"Abale a mu gulu lino ndithandizeni. Ndimaoda katundu kuno ku Joni n'kumatumizira mng'ono wanga ku Limbe kuti azigulitsa. Invoisi ya mabulangete alemba R4 557,60, pomwe kotesheni ya zitenje yochokera ku Maputo alemba 12.500 MT. Ndikufuna kumulembera zonse m'Chichewa. Manambalawa ndiwasiye momwe alilimu kapena ndisinthe? Nanga ndiike m'makwacha?"

Achemwali, zizindikiro za m'kati mwa nambala musinthe kuti zikhale monga amalembera kumudzi, koma ndalamazo musazisandutse makwacha. Randi ikhale randi, metikali ikhale metikali. Ndakhala ndikulembera anthu mapepala oterewa kwa zaka zingapo kuno ku Mayfair, ndipo pomwe ndaona anthu akupsa zala si pa mawu ayi, ndi pa tizizindikiro tiwiri timeneti: kadontho (.) ndi mpatuliro (,), kaja ambiri amangoti kakoma.

Kwathu ku Malawi mpatuliro umagawa masauzande, ndipo kadontho kamalekanitsa makwacha ndi matambala. N'chifukwa chake timalemba K4,557.60. Kuno ku South Africa kalembedwe kovomerezeka, komwe ana amaphunzira kusukulu, n'kosiyana: masauzande amawagawa ndi kampata kopanda kanthu, ndipo masenti amabwera pambuyo pa mpatuliro. Ndiye invoisi yanuyo ikunena marandi 4,557 ndi masenti 60. Ku Mozambique amatsata kalembedwe ka Chipwitikizi. Kumeneko kadontho kakhoza kugawa masauzande, mpatuliro n'kulekanitsa masenti, ndipo chizindikiro cha ndalama amachiika kumapeto. Choncho 12.500 MT ndi mametikali 12,500 athunthu. Mng'ono wanu ataiona nambalayi momwe ilili adzawerenga 12 ndi theka, adzadabwa kuti zitenje zatchipa liti chonchi.

Chomwe chimasokoneza kwambiri n'chakuti kuno anthu satsata njira imodzi. Mukayenda tsiku limodzi kuchokera ku Dragon City, kudutsa ku Oriental Plaza, n'kukathera ku Small Street, mubwera ndi malisiti a mitundu itatu kapena inayi m'chikwama. Wina walemba R1 250,50, wina R1,250.50, wina R1250.50, ndipo wina wangolemba ndi bolopeni R1250 basi. Onsewo ndi a mumzinda umodzi. Ndiye musamange mfundo pongoona kuti pepala lachokera dziko lakuti. Pepalalo liyenera kukuuzani lokha lamulo lomwe likutsata.

Ine ndimatere. Ndisanalembe chilichonse, ndimafufuza pa pepalapo nambala imodzi yokhala ndi zizindikiro zonse ziwiri. Ikapezeka, nkhani yatha, chifukwa chizindikiro chomwe chili chakumanja ndicho cha masenti, ndipo chinacho n'cha masauzande. Mu 1.250,50 chakumanja ndi mpatuliro. Mu 1,250.50 chakumanja ndi kadontho. Lamulo limenelo ndimaligwiritsa pa pepala lonse. Ngati pali chizindikiro chimodzi chokha ndipo pambuyo pake pali manambala awiri, monga 189,90 kapena 189.90, amenewo ndi masenti, palibe chovuta.

Pomwe pamafunika kudekha ndi pamene chizindikiro chili chimodzi ndipo pambuyo pake pali manambala atatu, monga 12.500 yanuyo. Nambala yotere payokha siulula kanthu. Pa mitengo ya randi, kwacha ndi metikali nthawi zambiri amakhala masauzande, poti ndalama zitatu zonsezi zimagawika pa 100, ndiye masenti ake amathera pa manambala awiri. Koma invoisi simakhala mitengo yokha, mumakhalanso kulemera kwa katundu, ndipo sikelo imalemba manambala atatu. Tengani paketi ya nyama ya ku butchala muone kachikwangwani kake: 1,250 kg, mtengo wa kilo R89,99, zonse R112,49. Apa 1,250 kg ndi kilo imodzi ndi kota. Munthu wozolowera kalembedwe ka kumudzi awerenga makilo 1,250, kuposa tani yathunthu, koma nyamayo ikukwana m'jumbo. Chomwe chimatiululira ndi kuchulukitsa: 1.25 kuchulukitsa ndi 89.99 imabwera 112.49 mukazungulitsa masenti. Njira imeneyi ndiyo ndimaikhulupirira kuposa ina iliyonse.

Tiyeni tiyesere pa mapepala anu. Sindinawaone, ndiye ndiika mitengo yongoyerekeza yomwe ikufika pa manambala mwatchulawo. Tinene kuti mabulangete alipo 24 ndipo limodzi alemba R189,90. Pa kalikuleta lembani 24 kuchulukitsa ndi 189.90, ibwera 4557.6. Zikugwirizana ndi R4 557,60, kutanthauza kuti mwawerenga bwino mpatuliro uja. Kenako muone ngati msonkho wa VAT uli kale m'katimo. Kuno msonkhowu ndi 15 peresenti kuyambira mu 2018. M'mashopu wamba mtengo wa pa shelefu umakhala ndi msonkho kale, koma ogulitsa pikulitsa ena amalemba mtengo wopanda msonkho n'kudzauwonjezera pansi. Ngati zili choncho, mupeza mzere wina wa R683,64, ndipo zonse pamodzi zikhala R5 241,24. Mng'ono wanu akawerengera phindu kuchokera pa 4,557.60 pomwe inu munalipira 5,241.24, ndiye kuti marandi 683.64 alowa m'madzi asanagulitse n'komwe. Pomasulira musataye mawu aja akuti msonkho ulimo kapena mulibe. Pa pepala la ku Maputo msonkhowu amaulemba IVA.

Za zitenje n'chimodzimodzi. Ngati zilipo 50 ndipo chimodzi alemba 250,00 MT, chulukitsani mupeza 12500. Apo mwatsimikiza kuti kadontho kaja ndi ka masauzande. Zikapanda kugwirizana, musalote ayi, imbirani wogulitsayo akutchulireni nambalayo pakamwa.

Mukatsimikiza, lembani mwa kumudzi, ndipo pa pepala lonse mugwiritse njira imodzi yokha:

Mabulangete 24, limodzi ZAR 189.90, onse ZAR 4,557.60 (msonkho sunawonjezedwe)
Zitenje 50, chimodzi MZN 250.00, zonse MZN 12,500.00

Mwaona kuti ndachotsa R ndi MT n'kuika zilembo zitatu. Zimenezi ndi zomwe mabanki amagwiritsa dziko lonse lapansi: ZAR ndi randi, MZN ndi metikali, MWK ndi kwacha ya Malawi, ZMW ndi kwacha ya Zambia. Pepala likakhala la ndalama ya mtundu umodzi, R yekha ndi wokwanira, aliyense ku Limbe amaidziwa randi. Koma mukangosakaniza ndalama ziwiri pa pepala limodzi, zilembo zitatuzi zimakupulumutsani. Anzathu a ku Chipata omwe ali mu gulu lino akalemba K500 ndipo ife tikalemba K500, maonekedwe ndi amodzi koma ndalama zake n'zotalikirana kwambiri. Amene amaoda tsitsi kapena nsapato ku Brazil achenjerenso ndi R$, imeneyo ndi ndalama ya ku Brazil, si randi. Chizindikiro cha ¥ nacho amachigwiritsa ku China ndi ku Japan komwe, ndiye kulemba CNY kapena JPY kumachotsa chikayiko.

Ndinapereka sukulu fizi pa nkhani imeneyi, ndipo mpaka lero zimandipweteka ndikakumbukira. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandipempha kuti ndimulembere uthenga wopita kwa mwamuna wake ku Mangochi wonena za mtengo wa makina osokera. Ndinakopera nambala monga inalili pa kotesheni, R3 200,00, ndi kampata kake. Pa foni yanga inaoneka bwinobwino. Pa kafoni ka bambowo mzere unaduka pakampata pomwepo, R3 n'kutsala kumapeto kwa mzere wapamwamba, 200,00 n'kutsikira pansi payokha. Iwo anaona 200 yokha. Anauza abale kuti makina apezeka otchipa, anthu awiri anaperekeratu ndalama zoti awagulirenso, ndipo zitadziwika mayiyo anaoneka ngati wabodza m'banja mwake. Cholakwa chinali changa. Kuyambira tsiku limenelo, uthenga wopita kumudzi sindisiyamo kampata pakati pa nambala, ndipo nambala yaikulu ndimaibwereza m'mawu: R3,200.00, marandi masauzande atatu ndi mahandiredi awiri. Ngati mukulembera makasitomala a kuno ndipo mukufuna kusunga kampatako, mu Word dinani Ctrl+Shift+Space m'malo mwa batani la mpata, nambalayo siiduka.

Tsopano za makwacha. Ndikumvetsa kuti mng'ono wanu amaganiza m'makwacha, ndipo n'zoona afunika kudziwa kuti katunduyo wadya zingati. Koma kusintha ndalama ndi ntchito ina, yosiyana ndi kumasulira pepala. Invoisi ndi umboni wa zomwe munalipira, ndipo ku Mwanza kapena ku Dedza a MRA adzafuna kuona pepala lenileni la marandi. Mukalemba makwacha okhaokha, pepala lanu ndi invoisi sizigwirizananso. Chinanso, reti simakhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali atalemba mitengo yake m'makwacha sabata yapitayo anatsala ndi pepala lopanda ntchito. Ngakhale tsiku lomwelo, reti ya kubanki, ya makampani otumiza ndalama ndi ya anyamata osintha ndalama m'misewu sizifanana. Ndiye siyani marandi pamalo pake, makwacha muwaike pambali, ndipo mulembe tsiku ndi reti yomwe mwagwiritsa, kuti iye akaona reti yasintha awerengerenso yekha.

Ngati mitengoyi mumaisunga mu Excel, pali msampha wina. Pulogalamuyi imatsata dziko lomwe kompyuta inatcheredwa. Yotcheredwa ku South Africa kawirikawiri imayembekezera mpatuliro pa masenti, ndiye mukalemba 189.90 imaiona ngati mawu wamba. Mudziwa chifukwa nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, pomwe yomwe yatengedwa ngati mawu imatsamira kumanzere, ndipo pophatikiza imangodumphidwa mwakachetechete, totala n'kuchepa popanda chenjezo. Choopsa kwambiri ndi 12.500 ya ku Maputo ija pa kompyuta yotcheredwa mwa kumudzi: imailandira bwinobwino ngati 12.5, imatsamira kumanja, ndipo palibe chokuuzani kuti zalakwika. Njira yake ndi kuika nambala yoteroyo ngati mawu m'kabokosi A2 (yambani ndi chizindikiro cha ' kutsogolo kwake), kenako m'kabokosi kena mulembe:

```
=NUMBERVALUE(A2;",";".")
```

Apa mukuiuza kuti mpatuliro ndi wa masenti, kadontho ndi ka masauzande, ndipo ikupatsani 12500. Ngati Excel yanu imalekanitsa zigawo za fomula ndi mpatuliro, sinthani ma ; awiriwo akhale mipatuliro, zam'kati mwa "" muzisiye momwemo.

Musanatumize, jambulani invoisi ndi kotesheni zenizenizo mutumize limodzi ndi zomwe mwalembazo, ndipo muuzeni mng'ono wanu achulukitse yekha mzere uliwonse pa foni yake. Akapeza 4,557.60 ndi 12,500 monga inu, yambani kukambirana za thiransipoti.