Musanagule tebulo, dengu kapena sopo wa amisiri, funsani za kuuma kwake

"Tebulo lochokera kunja limene ndinagula latupa ndi madzi ndipo layamba kufumbutuka. Tsopano ndikufuna mipando, madengu ndi sopo zopangidwa ndi manja kuno kwathu. Kodi ndingazipeze bwanji, nanga zabwino ndingazidziwe bwanji?"

Poyamba, musayambire pamene katunduyo amagulitsidwira. Funsani munthu amene ali ndi tebulo lomwe lakhala zaka zingapo osagwedera kuti akuuzeni kalipentala amene analipanga, kenako mupite kumene mmisiriyo amagwirira ntchito, chifukwa kumeneko mudzaona matabwa asanapakidwe vanishi, amene amabisa zambiri.

Chimene chimawononga katundu wambiri wa amisiri si kusowa luso koma kufulumira, ndipo pa matabwa vutoli ndi lalikulu. Thabwa likamauma limachepa m'lifupi, pamene m'litali silisintha kwenikweni. Tiyerekeze kuti mwaitanitsa tebulo la masentimita 90 m'lifupi, ndipo kalipentala walumikiza matabwa anayi omwe sanaume bwino. Pakapita miyezi yochepa pamwamba pake pakhoza kuchepa ndi masentimita awiri kapena atatu, mipata imatseguka pamene matabwa anakumana, ndipo ngati anakhomeredwa mothina ndi misomali, amang'ambika kuyambira kumapeto. Thabwa losauma limalemera kuposa linzake la mtengo womwewo, limazizira mukaligwira, ndipo likamapalidwa zopalidwazo zimakhala zonyowa. Ngati mmisiri ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi, pa mipando ya m'nyumba chiwerengero chisapitirire kwambiri 12 peresenti. Onaninso mmene amasungira matabwa: woumitsa bwino amawasanja pamthunzi, ataika timitengo pakati kuti mpweya uzidutsa.

Mukatero, tembenuzani mpando muone kunsi. Mwendo wolimba umakhala ndi bowo losemedwa mmene thabwa lopingasa limalowa ndi kumatidwa ndi guluu. Pamene pangokhala misomali yokha, mpandowo udzayamba kugwedera, ngakhale utawala chotani.

Dengu silivuta. Ligogodeni pansi poyera: ngati pagwa ufa wosalala, ndiye kuti nsungwi zake zafumbwa kale. Linunkhizeni kuti mumve ngati muli chuku, ndipo finyani mkombero, popeza ndi umene umayamba kumasuka.

Sopo wopangidwa posakaniza mafuta ndi soda wowotcha wotchedwa caustic soda popanda kuphika amafunika kukhala masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi asanagwiritsidwe ntchito, kuti madzi achoke ndipo alimbe. Funsani tsiku limene anapangidwa. Akabonyoka mukamudina ndi chala, adzasungunuka msanga m'bafa. Kaufa koyera pamwamba nthawi zambiri sikoopsa, koma sopo wophwanyika ngati choko, kapena wokhala ndi timibulu toyera tolimba mkati, angakhale ndi soda wochuluka amene amawotcha khungu. Gulani chidutswa chimodzi chokha, musambe nacho m'manja kwa masiku angapo, ndipo khungu likayamba kuyabwa kapena kuuma kwambiri, musagulenso kwa wopanga ameneyo.