Intavyu ya ntchito yogulitsa malonda: manambala ndi kugulitsa moyerekeza

Sabata yathayi ndinalandira imelo iyi kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25:

"Achimwene, andiitana ku intavyu ku kampani ina ya ku Kanengo, ntchito yogulitsa katundu m'magolosale. Ati ndikasonyeze ndi manambala zomwe ndinachita komwe ndinali, kenako ndikawagulitse katundu wawo ngati iwo ndi makasitomala. Ndagulitsa sopo ndi mafuta ophikira zaka zitatu, koma mapepala onse anatsala kuntchito. Ndiyambire pati?"

Achemwali, yambirani pa mapepala anu a malipiro. Ngati munkalandira komishoni, nambala ya zomwe munagulitsa yabisala momwemo. Tinene kuti komishoni inali 2 peresenti ndipo mwezi wina munalandira K120,000. Ndiye kuti mwezi umenewo munagulitsa katundu wa K6,000,000. Werengani chomwecho miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, musasankhe wa Disembala wokha, chifukwa aliyense pa panelo akudziwa kuti nthawi ya Khirisimasi ngakhale waulesi amagulitsa. Mukatero fufuzani m'foni. Malipoti amene munkatumizira bwana pa WhatsApp madzulo, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba a ndalama zomwe makasitomala ankalipira, kakope kanu ka maoda, zonsezi ndi umboni. Mndandanda wa mayina a makasitomala ndi mitengo yamkati ya kampani yakale musapite nazo. Akaziona m'manja mwanu adzangoganiza kuti tsiku lina zawonso mudzatuluka nazo.

Nambala imodzi payokha siuza munthu kanthu. Mukati "ndinkagulitsa makatoni 420 pamwezi", wofunsa sadziwa ngati ndi ambiri kapena ochepa. Amafuna amve pomwe munayambira, pomwe munafika, nthawi yomwe zinatenga, ndi chimene inuyo munachita. Mwachitsanzo: "Atandipatsa dera la Area 25 ndi Lumbadzi linali ndi magolosale 40 ooda kwa ife, makatoni 300 pamwezi. Patatha miyezi isanu ndi itatu anali magolosale 65, makatoni 420, pomwe tageti inali 400. Ndinasintha ulendo wanga kuti sitolo iliyonse ndizifikako tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, eni ake nkumandidikira osapita kukaoda m'tauni." Kuchoka pa 300 kufika pa 420 ndi kukwera ndi 40 peresenti. Masamuwo muwadziwe pamtima, poti adzakufunsani.

Mwaona kuti ndawerenga makatoni, osati makwacha? Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mu Novembala 2023 Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu Meyi 2022 inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Mitengo ya sopo ndi mafuta idakwera kangapo. Choncho munthu akhoza kunena zoona kuti ndalama za malonda ake zidachoka pa K4 miliyoni kufika pa K6 miliyoni, chonsecho makatoni akugulitsa omwewo, mwinanso ochepa. Ndidakhalapo pa panelo pomwe mnyamata wina adanyadira kuti adakweza malonda ndi theka. Mayi woona za ndalama adangomufunsa modekha kuti, "Nanga makatoni?" Mnyamata uja adayang'ana kudenga. Sadaname, koma sadaganizepo.

Funso lina lomwe limabwera ndi la ngongole. Kutsitsa katundu m'sitolo si kugulitsa ngati ndalama sinabwere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Konzekerani kunena kuti mwa katundu wa K6,000,000 uja ndalama zingati zinkalowa masiku 30 asanathe, ndipo amene ankazemba munkatani nawo. Mwezi womwe simunafike pa tageti muutchulenso, ndi chifukwa chake. Wogulitsa amene sanaphonyepo tageti zaka zitatu palibe amamukhulupirira.

Zonsezi zikwane pa pepala limodzi, musindikize makope anayi.

Tsopano za kugulitsa moyerekeza kuja. Nthawi zambiri amapereka mphindi zisanu kapena khumi, mmodzi wa iwo nkukhala mwini golosale. Musanayambe funsani kuti, "Bwana, mukhala kasitomala wotani? Golosale ya m'dera, holoselo kapena sitolo yaikulu? Ndipo takumanapo kale?" Funsoli si mwano. Mwini golosale ku Kawale ndi wogula katundu wa sitolo yaikulu ku City Centre sakopeka ndi mawu amodzi.

Chimene chimawononga anthu ndi kuyamba ndi ulaliki: sopo wathu ndi wonunkhira, ndi wa thovu, ndi wapamwamba. Mwini golosale sagula sopo kuti akasambe. Akufuna adziwe kuti apindula zingati ndipo katunduyo atha liti pashelefu. Ndiye mphindi ziwiri zoyamba zikhale za mafunso. Panopa mukugulitsa sopo wanji? Katoni imatha masiku angati? Mumaoda kuti, ndipo mumapita nokha? Mukapita, pasitolo pamatsala ndani? Mayankho ake ndiwo mugulitsire.

Tiyerekeze wayankha kuti amaoda m'tauni katoni ya sopo 30 pa K25,500, nkumagulitsa K1,000 mmodzi. Yanu ndi K27,000, ndipo sopo wanu amagulitsidwa K1,100. Adzati, "Aaa, mayi, wanuyu wadula." Musatsutse, musathamangirenso kutsitsa. Tengani cholembera muwerengere limodzi. Wakeyo akumugula K850, phindu K150 pa sopo, K4,500 pa katoni. Wanu amugula K900, phindu K200, K6,000 pa katoni. Kenako onjezani zomwe wanena yekha: "Paja mwati mumakwera minibasi kukaoda ndipo mumatseka sitolo m'mawa wonse? Ife tikubweretserani pakhomo." Mitengo yeniyeni ya katundu wawo muidziwe tsiku lisanafike. Lowani m'magolosale awiri kapena atatu kwanuko, mufunse kuti amaoda zingati, amagulitsa zingati, ndipo akupikisana ndi uti. Mukatchula zomwe mwapezazo mu intavyu, mudzaona mabwana akuyang'anana.

Wochenjera adzabweza kuti, "Phindu ndamva, koma anthu kuno sakumudziwa, angokhala pashelefu." Akunena zoona, phindu la K6,000 pa katoni yotha mwezi wathunthu likuchepera la K4,500 pa katoni yotha sabata imodzi. Vomerani, ndipo muchepetse chiopsezo chake: ayambe ndi katoni imodzi, muiike pamalo poonekera, mudzabwerenso sabata yamawa kudzaona momwe yayendera.

Ndiye pali msampha womwe pafupifupi panelo iliyonse imatchera: "Ndipatseni pangongole, kapena mundichotsereko K2,000." Ena pofuna kusangalatsa amangoti chabwino bwana. Pamenepo ntchito yapita, chifukwa mwagawa ndalama za kampani popanda chilolezo, abwana a kampaniyo akuonerera. Yankhani kuti mtengo simungausinthe nokha, ndipo za ngongole mukafunsa kwa akuluakulu akayamba waoda kangapo ndi kulipira bwino. Akapitiriza kukana, kapena akayamba kuseweretsa foni ngati sakumva, si chidani. Akuona ngati mupse mtima kapena mufooke.

Pomaliza pemphani oda. Zimandidabwitsa kuchuluka kwa anthu amene amalankhula bwino mphindi zonse, nkumaliza ndi "zikomo pondimvetsera" ngati anali pa msonkhano. Inu munene kuti, "Ndilembe katoni imodzi kapena ziwiri? Galimoto yathu imadutsa kuno Lachiwiri." Mukatero khalani chete mpaka ayankhe, ngakhale chetecho chikuwawe. Akakana, funsani chomwe chatsala kuti avomere, ndipo mugwirizane tsiku lodzabweranso.

Usiku woti mawa lake ndi intavyu muyeserere ndi munthu wa pakhomo, mumuuze akane katatu, foni ikujambula mawu. Pomvetsera muwerenge kuti mwalankhula mphindi zingati inu, zingati iye. Ngati mawu ake sakumveka mpaka mphindi yachitatu, yambiraninso.