Uthenga wa maliro m'zinenero ziwiri

Funso: "Mlembi wa gulu lathu walemba kuti 'Amayi a mnzathu atisiya, tiyeni tigwirane manja pa chipepeso.' Ndiumasulire bwanji m'Chingelezi osasintha mzimu wake?"

Yambani ndi "atisiya". Mukalemba "has left us", wina aganiza kuti asamuka kapena atuluka m'gulu. "Has died" ndi lomveka, koma ndi louma ngati "afa", mawu amene mlembi wawapewa dala. Ikani "has passed away".

Povuta ndi pa chipepeso. "Condolences" yokha ambiri amaimva ngati mawu achitonthozo basi, ndiye mudzalandira mauthenga ambirimbiri, ndalama osaoneka. Lembani "condolence contributions". Ndipo "tiyeni" asasanduke "members must", poti Chichewacho chikupempha, sichikulamula. "Let us" akukwanira.