Akafunsanso pa mayeso a pakamwa

"Ndikayankha, oyesa amafunsanso kuti 'chifukwa chiyani?' ndipo ndimasokonezeka. Ndichite bwanji?"

Funso lachiwiri silitanthauza kuti mwalakwa. Nthawi zambiri oyesa akufuna kuona pamene kumvetsa kwanu kwathera. Choncho yambani ndi yankho lenileni m'chiganizo chimodzi, perekani chifukwa chimodzi, kenako mukhale chete. Akakufunsani chifukwa chimene munafunsira anthu ochepa pa kafukufuku wanu, nenani kuti munkafuna mayankho ozama. Akapitiriza, musabwereze mawu omwewo, koma onjezerani umboni, monga wakuti ofunsidwa omalizira sanatchulenso mfundo zatsopano. Akafunsa kachitatu, vomerezani malire ake, kuti zotsatirazo sizingaimire anthu onse. Musinthe maganizo pokhapokha akakupatsani mfundo yatsopano, chifukwa kusintha popanda chifukwa kumaonetsa kuti yankho loyamba linali longoloweza.